Mayankho 200, magulu khumi: m'mene mawu a anthu amasandukira manambala a kafukufuku

Pa fomu ya kafukufuku pamakhala mafunso a mitundu iwiri. Ena amabwera ndi mayankho ake kale: inde kapena ayi, mjigo, chitsime kapena mtsinje. Wofunsa amangochonga pomwe woyankha wasankha, ndipo kuwerenga kwake sikuvuta. Koma pali mafunso ena omwe amasiya mpata woti munthu ayankhule zakukhosi m'mawu akeake. Mukafunsa kholo kuti, "N'chifukwa chiyani mwana wanu anasiya sukulu?" wina ayankha ndi liwu limodzi, wina afotokoza mbiri yonse kuyambira chaka chomwe bambo a mwanayo anamwalira, ndipo wina angoti, "Mwaona nokha m'mene tikukhaliramu."

Patapita miyezi, lipoti limatuluka likunena kuti makolo 36 mwa 100 aliwonse anatchula kusowa ndalama. Palibe kholo lomwe linanena nambala imeneyo. Pakati pa mawu a kholo ndi nambala ya mu lipoti pali munthu yemwe anakhala pansi, n'kuwerenga yankho lililonse, n'kugamula kuti ili ndi la gulu ili, ilo ndi la gulu ilo. Zigamulo zimenezi ndi zomwe zimabala nambalayo. Zikalembedwa, zikayesedwa, ndiponso zikaululidwa kwa owerenga, nambalayo ndi yodalirika. Zikangokhala m'mutu mwa wosanjayo, mayankho omwewo akhoza kutulutsa manambala osiyana malinga ndi amene wawagwira.

Bwanji osangopereka mayankho oti munthu asankhe?

Mndandanda wa mayankho okonzeratu umalembedwa mu ofesi, ndipo umakhala ndi zokhazo zomwe wolembayo akuzidziwa kale. Ngati sanaganizepo zoti mtsinje ukadzaza ana sawoloka kwa milungu ingapo, chifukwa chimenechi sichidzaoneka konse m'zotsatira. Komanso munthu akamuwerengera mndandanda, amakonda kusankha chimodzi mwa zomwe wamva, ngakhale kuti pakanakhala popanda mndandandawo akanatchula china.

N'chifukwa chake akafukufuku akuluakulu amasiya mafunso ena otsekula. Bungwe la Afrobarometer, lomwe lakhala likufunsa maganizo a anthu m'maiko a mu Africa kuyambira mu 1999, lili ndi funso lodziwika loti ndi mavuto ati akuluakulu omwe boma liyenera kuthana nawo. Ku Malawi kafukufukuyu amachitidwa ndi Centre for Social Research ya ku Zomba. Wofunsa sawerenga mndandanda uliwonse. Amamvetsera, amalandira mayankho osapitirira atatu, ndipo iye yemweyo amaika yankho lililonse m'gulu lomwe linakonzedwa kale, monga njala, ulova, zaumoyo kapena madzi.

Njira imeneyi, yosanja pomwepo wofunsa ali pakhomo, ndi yachangu, ndipo imayenda bwino ngati magulu ake anayesedwa kale kwa zaka zambiri. Vuto lake n'lakuti mawu enieni a woyankha akapanda kulembedwa, palibe angabwerere kukaona ngati wofunsa anasankha gulu loyenera. Njira ina ndi yolemba yankho lonse m'mene lanenedwera, n'kudzasanja pambuyo pake mu ofesi. Imeneyi ndi yomwe tiitsatire pano, chifukwa ndi imene imaonetsa ntchito yonse poyera.

Tiyerekeze kafukufuku wamng'ono

Tiyerekeze kuti komiti ina yoona za maphunziro yafunsa makolo 200 omwe ana awo anasiya sukulu ya pulayimale. Manambala omwe tigwiritse ntchito ndi ongophunzitsira, si a kafukufuku weniweni, koma mavuto omwe tikumane nawo ndi omwe aliyense wosanja mayankho amakumana nawo.

Ntchito imayamba ndi kulemba. Yankho lililonse limalowa pa mzere wake mu kompyuta, ndi nambala ya fomu yake, m'chiyankhulo chomwe linanenedwera ndiponso m'mawu omwewo. Wofunsa yemwe wamva mayi akufotokoza za sopo, makope ndi ndalama ya chitukuko cha pasukulu, iye n'kungolemba kuti "umphawi", wasanja kale yankholo payekha, ndipo wataya zonse zomwe zikanathandiza. Chizindikiro cha vuto limeneli chimaoneka msanga: mafomu onse a wofunsa mmodzi amakhala ndi mayankho aafupi ofanana, pomwe a anzake ali ndi ziganizo zosiyanasiyana. Pa nthawi yomweyi maina a anthu ndi a midzi omwe atchulidwa m'mayankho amachotsedwa, chifukwa mayankho a mtundu uwu amaulula zam'nyumba zomwe mwini wake sanafune kuti zimveke kunja.

Kenako wosanja amawerenga, osalemba gulu lililonse kaye. Amatenga mayankho 50 kapena kuposerapo, osati oyambirira okhaokha, chifukwa mafomu oyambirira kawirikawiri amachokera m'mudzi umodzi kapena kwa wofunsa mmodzi. Amatola apa ndi apo, kuti amve madera onse. Akamawerenga amalemba pambali zifukwa zomwe zikubwerezedwa. Nawa ena mwa mayankho omwe angawapeze:

"Analibe yunifolomu, anzake amamuseka."
"Amapita osadya, ndiye amangogona m'kalasi."
"Nthawi ya dzinja timapita naye ku ganyu."
"Anamuchimwitsa mnyamata wina, pano ali pabanja."
"Sitandade 5 wabwereza kawiri, anangoti ndatopa."
"Ndi umphawi basi."

Buku la magulu

Kuchokera pa kuwerengaku pamabadwa chida chachikulu cha ntchito yonse, chomwe tingachitche buku la magulu. Nthawi zambiri ndi tsamba limodzi kapena awiri. Gulu lililonse limakhala ndi nambala yake, yomwe odziwa ntchitoyi amaitcha khodi, dzina lake, tanthauzo lake m'chiganizo chimodzi, zomwe zimalowamo, zomwe sizilowamo, ndi zitsanzo ziwiri kapena zitatu zochokera m'mayankho enieni. Zimafanana ndi kusankha fodya m'magiredi: osankha akakhala awiri, ayenera kugwirizana kaye za mtundu ndi kutalika kwa tsamba la giredi iliyonse, apo ayi tsamba lomwelo ligwera mulu wina m'mawa, mulu wina masana.

Mbali yomwe anthu amaiwala kwambiri ndi ya zomwe sizilowamo, chonsecho ndi imene imathetsa mikangano. Taonani gulu loyamba. Dzina lake: kusowa ndalama za zofunika kusukulu. Zolowamo: yunifolomu, makope, zolembera, sopo wochapira zovala za kusukulu, ndalama zomwe sukulu imapempha. Zosalowamo: kusowa chakudya, komwe kuli ndi gulu lake, ndi mwana kupita kukagwira ntchito, komwenso kuli ndi gulu lake. Popanda mzere womalizawu, wosanja wina aika "amapita osadya" mu gulu la ndalama poganiza kuti chakudya chimagulidwa ndi ndalama, ndipo sitinganene kuti walakwa, chifukwa palibe anamuuza malire.

Kodi magulu akhale angati? Yankho limachokera ku zomwe kafukufukuyo akufuna kuthandiza. Gulu limodzi lalikulu loti "umphawi" likhoza kumeza mayankho oposa theka, koma silingauze komiti chochita. Sukulu ya pulayimale ya boma ku Malawi ndi yaulere kuyambira mu 1994, choncho kumva kuti vuto ndi umphawi sikukwanira. Chofunika n'kudziwa ngati ndi njala, yomwe phala la pasukulu lingachepetse, kapena ndi makope ndi zovala, kapena ndi ganyu wa m'dzinja. Koma kuphwanyanso mopitirira, sopo gulu lake, nsapato gulu lake, kumasiya magulu a anthu awiri kapena atatu omwe sangatiuze kanthu. Lamulo labwino n'loti poyamba musiyanitse pang'ono kuposa m'mene mukufunira, chifukwa magulu ang'onoang'ono mukhoza kuwaphatikiza pambuyo pake, pomwe gulu lalikulu simungaligawe popanda kuwerenganso mayankho onse.

Nanga yemwe wangoti "ndi umphawi basi"? Wosanja saloledwa kumuganizira. Sitikudziwa ngati amanena za chakudya kapena za makope, choncho yankho lake limapita m'gulu lakelake la umphawi wosatchula mbali. Lamulo lake ndi ili: timasanja zomwe munthu wanena, osati zomwe tikuganiza kuti amatanthauza.

Pali magulu enanso atatu omwe ayenera kukhala osiyana. "Sindikudziwa" ndi yankho, ndipo pa nkhani ya mwana wosiya sukulu likutiuza kanthu. Malo osalembedwa kanthu si yankho, mwina wofunsa anadumpha funsolo. "Zina" ndi gulu la zifukwa zenizeni zomwe zatchulidwa ndi anthu ochepa kwambiri. Gulu la "zina" ndi lomwe limaulula ngati buku la magulu lili bwino. Likapitirira pafupifupi yankho limodzi mwa khumi aliwonse, ndiye kuti muli mutu womwe sunapatsidwe malo. Wosanja amawerenganso mayankho a m'gululo, ndipo akapeza kuti khumi mwa iwo akunena za matenda a mwana kapena a kholo, amatsekula gulu latsopano. Akatero ayenera kubwerera ku mayankho omwe anasanja kale, chifukwa mwina ena a matenda anawakankhira kwina gululo lisanakhalepo.

Yankho limodzi, zifukwa ziwiri

Bwererani ku yankho lija loti, "Anamuchimwitsa mnyamata wina, pano ali pabanja." Muli zinthu ziwiri: pathupi ndi ukwati. Ofufuza ayenera kugamula asanayambe ngati yankho limodzi liloledwa kulowa m'magulu angapo. Ena amatenga chifukwa choyamba kutchulidwa chokha, koma choyamba kutuluka pakamwa si nthawi zonse chimakhala chachikulu. Anthu ambiri amayamba ndi chosavuta kunena, chopweteka n'kubwera pambuyo. N'chifukwa chake pa mafunso a "chifukwa chiyani" ndi bwino kulola magulu angapo pa yankho limodzi. Malire ake ndi akuti munthu mmodzi amawerengedwa kamodzi kokha m'gulu limodzi. Mayi yemwe watchula yunifolomu, makope ndi sopo watchula zinthu zitatu, koma zonse ndi za gulu loyamba, choncho ndi mmodzi basi. Kupanda lamulo limeneli, olankhula kwambiri angamveke ngati khamu.

Pa kompyuta, njira yosavuta ndi kupatsa gulu lililonse danga lake lotsika. Pa mzere wa woyankha aliyense mumalemba 1 ngati watchula gululo, 0 ngati sanatchule. Mu Excel, ngati gulu loyamba lili pa danga C ndipo mayankho akuyambira mzere 2 mpaka 201, chiwerengero chake chimapezeka motere:

```
=SUM(C2:C201)
```

Pali njira yachidule yomwe imakopa anthu ambiri, yoti kompyuta ifufuze liwu m'mayankho n'kuwerenga yokha:

```
=COUNTIF(B2:B201,"*mimba*")
```

Njira imeneyi imalakwa mbali ziwiri. Iwerengera limodzi mwana yemwe "amadwaladwala m'mimba", yemwe ndi wa gulu la matenda. Ndipo idumpha makolo onse omwe anati "ali ndi pakati", "anatenga pathupi", "ndi woyembekezera" kapena "anamuchimwitsa", omwe mwina ndi ochuluka kuposa otchula liwulo mwachindunji, popeza nkhani zotere akuluakulu sazitchula poyera. Chimodzimodzinso njala: "amapita osadya" ndi "m'nyumba munalibe ufa" mulibe liwu loti njala, pomwe "njala ayi, chakudya chinalipo" muli liwulo koma likukana. Kufufuza liwu kumathandiza pokumbutsa mayankho oti muwaonenso, koma sikungalowe m'malo mwa kuwerenga. Pa chifukwa chomwechi, ndi bwino kusanja mayankho m'chiyankhulo chomwe ananenedwera, ndi anthu ochidziwa bwino, kumasulira n'kubwera pambuyo. Womasulira akafupikitsa kapena akasankha tanthauzo limodzi mwa awiri, wosanja sadziwa kuti china chatayika.

Osanja awiri

Kodi tingadziwe bwanji kuti buku la magulu likugwira ntchito? Timapatsa anthu awiri mayankho omwewo, aliyense asanje payekha osaonerana, kenako n'kuyerekeza. Tiyerekeze kuti tawapatsa mayankho 50, ndipo tikuona gulu la ganyu ndi ntchito. Onse awiri alemba 1 pa mayankho 6. Onse awiri alemba 0 pa mayankho 38. Pa mayankho 4 woyamba walemba 1 mnzake 0, ndipo pa mayankho 2 wachiwiri ndiye walemba 1 mnzake 0. Agwirizana pa 44 mwa 50, kutanthauza 88 peresenti, nambala yooneka yokhutiritsa.

Koma mayankho ambiri sakunena za ganyu n'komwe, choncho kugwirizana pa 0 n'kosavuta. Woyamba walemba 1 ka 10, wachiwiri ka 8. Anthu awiri omwe akanangomwaza ma 1 ochuluka chonchi mwachisawawa, osawerenga yankho ndi limodzi lomwe, akanagwirizanabe pa mayankho pafupifupi 35 mwa 50. Mayeso enieni ali pa 15 otsalawo, ndipo mwa amenewo osanja athu apambana 9 okha. Tikagawa 9 ndi 15 tipeza 0.6. Muyeso umenewu umatchedwa kapa, ndipo anaufotokoza Jacob Cohen mu 1960. Ukakhala 1 ndiye kuti agwirizana ponseponse, ukakhala 0 ndiye kuti sanapose mwayi wamba. Ofufuza ambiri amafuna 0.7 kapena 0.8 kupita m'mwamba asanakhulupirire gulu.

Phindu lalikulu la mayesowa lili m'mayankho 6 omwe asiyanawo. Awiriwo akakhala pansi n'kuwawerenga, amapeza gwero lake. Mwina anayi mwa iwo ndi onga awa: "amalera azing'ono ake", "amadyetsa ng'ombe za agogo ake". Woyamba anawaona ngati ntchito, wachiwiri anati ganyu ndi wolipidwa basi. Palibe wolakwa, buku ndi lomwe silinanene. Amagamula, mwachitsanzo, kuti gululo likhale la ntchito iliyonse yolepheretsa mwana kupita kusukulu, yolipidwa kapena ya pakhomo, amalemba chigamulocho m'buku, n'kuyesanso pa mayankho ena atsopano. Ngati wosanja ali yekha, akhoza kusanjanso gawo la mayankho patapita masiku angapo osayang'ana zomwe analemba poyamba. Izi zimagwira vuto lina lodziwika bwino, loti munthu akafika pa yankho la 150 malire a magulu amakhala atasuntha m'mutu mwake iye osazindikira.

Kuwerenga: mwa anthu angati?

Tsopano mayankho onse 200 asanjidwa. Makolo 6 anati sakudziwa, mafomu 4 analibe yankho, ndipo makolo 190 anapereka zifukwa. Zotsatira zili motere:

Kusowa ndalama za zofunika kusukulu: 72
Njala: 34
Ganyu ndi ntchito: 30
Pathupi: 30
Ukwati: 22
Mtunda ndi njira yovuta: 20
Kulephera ndi kubwereza kalasi: 20
Umphawi wosatchula mbali: 14
Matenda: 10
Zina: 8

Tikaphatikiza tipeza 260, kuposa anthu omwe anafunsidwa. Si cholakwa, ndi chifukwa choti ena anatchula zifukwa ziwiri kapena zitatu. Koma apa pakubuka funso lofunika kwambiri pa kuwerenga konse: 72 ija ndi mwa angati? Mwa makolo onse 200 ofunsidwa, ndi 36 peresenti. Mwa 190 omwe anapereka chifukwa, ndi pafupifupi 38 peresenti. Mwa zifukwa zonse 260 zomwe zinatchulidwa, ndi pafupifupi 28 peresenti. Manambala atatuwa onse ndi oona, koma akuyankha mafunso osiyana. Awiri oyambawo akuwerenga anthu, lachitatu likuwerenga zifukwa. Kulemba kuti "makolo 28 mwa 100 anatchula ndalama" n'kulakwa, chifukwa 28 si ya makolo.

Kwa owerenga ambiri, chomveka bwino ndi kuwerenga anthu. Mukatero, maperesenti a magulu onse akaphatikizidwa amapitirira 100. M'chitsanzo chathu akufika 130, ndipo lipoti liyenera kunena pansi pa tebulo kuti munthu amaloledwa kutchula zifukwa zingapo. Ena akaona 130 amachita mantha n'kusintha manambala kuti akwane 100, osazindikira kuti asiya kuwerenga anthu, ayamba kuwerenga zifukwa.

Nthawi zina ngakhale 200 si chogawira choyenera. Pathupi patchulidwa ka 30, komwe ndi 15 peresenti ya onse. Koma ngati mwa ana 200 aja atsikana ndi 100, ndipo mayankho 30 onsewo ndi a atsikana, ndiye kuti nkhaniyi yakhudza atsikana atatu mwa khumi aliwonse. Nambala ya onse pamodzi ikubisa kukula kwa vutolo. N'chifukwa chake ziwerengero zimagawidwa potengera kuti mwanayo ndi mnyamata kapena mtsikana, kalasi yomwe anasiyira, kapena dera. Pogawa chonchi muyenera kusamala kuti magulu asachepe kwambiri. Ngati dera lina muli anthu 12 okha, munthu mmodzi amasuntha peresenti ndi mapointi oposa 8, ndipo ndi bwino kungolemba kuti "5 mwa 12".

Kuphatikiza magulu

Komiti ingafunse kuti, "Nanga onse omwe atchula zokhudza umphawi ndi angati?" Chiyeso chake ndi kuphatikiza 72, 34, 30 ndi 14, n'kupeza 150, kapena kuti 75 peresenti. Koma bambo yemwe anatchula njala ndi ganyu wawerengedwa kawiri. Njira yolondola ndi kutsekula danga latsopano lomwe likulemba 1 ngati munthuyo ali ndi 1 pa lililonse la magulu anayiwo. Ngati magulu anayiwo ali moyandikana kuyambira C mpaka F, pa mzere uliwonse mumalemba:

```
=IF(SUM(C2:F2)>0,1,0)
```

Mukaphatikiza danga latsopanoli mwina mupeza anthu 122, omwe ndi 61 peresenti. Kusiyana kwa 75 ndi 61 si kochepa, ndipo kwabwera chifukwa cha kuwerenga anthu ena kawiri basi.

Kuphatikiza kumasinthanso mndandanda wa chomwe chili patsogolo. Pa tebulo lathu njala ili pa nambala 2 ndi anthu 34, pathupi ndi ukwati zili m'munsi mwake. Koma tinene kuti makolo 14 anatchula zonse ziwiri, pathupi ndi ukwati. Tikazipanga gulu limodzi, anthu ake ndi 38, ndipo gululi ladumpha njala. Palibe yankho lomwe lasintha, chasintha ndi malire okha. Choncho mukamva kuti chinthu chakutichakuti "ndi chachiwiri pa zifukwa zonse", dziwani kuti malo amenewo amadalira m'mene magulu anadulidwira. Wofufuza woona mtima amaonetsa magulu ang'onoang'ono ndi aakulu omwe, ndipo sasankha kadulidwe ataona kale kuti ndi kati kakukweza nkhani yomwe iye kapena womulipira akuifuna.

Pofuna kupewa zimenezi, pa nkhani zina maiko anagwirizana buku limodzi la magulu. Funso loti "mumagwira ntchito yanji?" ndi lotsekula, ndipo mayankho ake amasanjidwa potsata ndondomeko ya ISCO-08 ya bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la ILO, momwe ntchito iliyonse ili ndi khodi ya manambala anayi. Mlimi wolima mbewu zodya pakhomo pake ndi 6310, pomwe wolima mbewu za m'munda ndi ndiwo zamasamba zogulitsa ndi 6111. Wofunsa akangolemba kuti "mlimi", wosanja sangadziwe poika. Apa zikuonekeratu kuti ngakhale buku labwino chotani silingapulumutse yankho lomwe linalembedwa moperewera.

Zomwe manambalawa sanena

Makolo 20 okha ndi omwe atchula mtunda. Izi sizikutanthauza kuti kwa 180 enawo sukulu ili pafupi. Funso lotsekula limagwira zomwe zabwera m'maganizo a munthu pa nthawiyo, ndi zomwe wamasuka kuuza mlendo. Mukadafunsa aliyense mwachindunji ngati mtunda unali vuto, ovomera akanachuluka. Pa chifukwa chimenechi, nambala yochokera ku funso lotsekula siyerekezedwa ndi yochokera ku funso lochonga, ngakhale mutu uli umodzi. Nyengo nayo imalowererapo: funso lomwelo likafunsidwa mu Febuluwale, nkhokwe zili mbee, njala itchulidwa kwambiri kuposa likafunsidwa mu Juni anthu atangokolola.

Palinso zinthu zomwe zimatchulidwa kamodzi kapena kawiri koma n'zolemera kuposa chiwerengero chake. Ngati mwa mayankho 8 a m'gulu la "zina" muli awiri onena kuti mwana amaopa munthu wamkulu wina pasukulu, nkhaniyo siyenera kukwiriridwa chifukwa choti ndi 1 peresenti. Zochititsa manyazi ndi zoopsa anthu sazitchula kawirikawiri, ndipo awiri omwe alimba mtima akhoza kukhala akuyankhulira ambiri. Wosanja wabwino amalemba mayankho otere padera n'kuwapereka kwa oyenera, mosaulula mwini wake. Komanso amene wayankha ndi kholo, osati mwana. Mwanayo akanafunsidwa, mwina tebulo likanaoneka mosiyana.

Tsono lipoti lochita bwino limaika zinthu zingapo poyera: funso m'mawu enieni omwe linafunsidwira, chiwerengero cha ofunsidwa ndi cha omwe sanayankhe, ngati munthu amaloledwa kutchula zifukwa zingapo, tanthauzo la gulu lililonse, kukula kwa gulu la "zina", ndi m'mene osanja anagwirizanirana. Pambali pa nambala iliyonse limaikanso yankho limodzi kapena awiri m'mawu a eni ake, osankhidwa chifukwa akuimira zomwe ambiri m'gululo ananena, osati chifukwa ndi okoma kumva. Zonsezi zikhoza kukwana pa tsamba limodzi. Mphunzitsi wamkulu, khansala kapena membala wa komiti yemwe wapatsidwa lipoti lopanda tsamba limeneli ali ndi ufulu wolipempha asanavomereze kuti ndalama zipite ku phala, ku makope kapena ku mlatho. Ndipo amene anasanja mwachilungamo sangavutike kulipereka, chifukwa buku la magulu ndi mayankho enieni amakhala atazisunga, kuti wina aliyense akawerenganso afike pa nambala yomweyo.